Kuzungulira kwa ndalama pa bizinesi ya holoselo

Kuzungulira kwa ndalama pa bizinesi ya holoselo ndi chiwerengero cha masiku amene amadutsa kuchokera tsiku limene wopikulitsa walipira katundu amene waoda, kufikira tsiku limene walandira ndalama kwa anthu amene adagula katunduyo. M'masiku amenewa ndalama yake imakhala ili m'makatoni ndi m'matumba osanjikizana m'sitolo, kapena ili m'manja mwa makasitomala amene adatenga katundu pa ngongole. Masikuwa akachuluka, bizinesi imafuna mpamba waukulu kuti iyende, ngakhale katundu amene ikugulitsa akhale yemweyo. N'chifukwa chake holoselo imene ikupanga phindu m'buku imatha kulephera kuoda shuga Lolemba m'mawa.

Njira yowerengera masikuwa idatchuka kwambiri m'chaka cha 1980, pamene aphunzitsi awiri a zachuma a ku America, Verlyn Richards ndi Eugene Laughlin, adalemba nkhani yosonyeza kuti kungoyerekeza katundu ndi ngongole za kampani sikuonetsa ngati kampaniyo idzakhala ndi ndalama pa tsiku lolipira. Nkhani ino ikufotokoza njirayi potengera maholoselo a m'boma la Phalombe, kum'mwera kwa dziko la Malawi.

## Kawerengedwe kake

Mabuku a zaakaunti amalemba masamu ake motere:

```
CCC = DIO + DSO - DPO
```

DIO ndi masiku a katundu, kutanthauza masiku amene katundu amakhala m'sitolo asanagulidwe. Amapezeka pogawa mtengo wa katundu yense amene ali m'sitolo ndi mtengo wa katundu amene amatuluka pa tsiku, zonse powerengera mtengo woodera. DSO ndi masiku a ngongole za makasitomala, ndipo amapezeka pogawa ndalama zonse zimene anthu akusunga ndi ndalama zimene holoselo imagulitsa pa tsiku. DPO ndi masiku a kooda, kutanthauza masiku amene kampani kapena holoselo yaikulu imadikira isanalipiridwe. Awiri oyambawo amaphatikizidwa, lachitatu limachotsedwa, chifukwa nthawi imene kooda akudikira, ndalama imene ikugwira ntchito ndi yawo.

Yankho likhoza kukhala pansi pa ziro. Izi zimachitika pamene wamalonda walandira ndalama kwa ogula asanalipire kooda. Kampani ya makompyuta ya Dell ku America idadziwika ndi zimenezi kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, chifukwa inkalumikiza kompyuta munthu atalipira kale. Masitolo akuluakulu a m'mizinda amathanso kufika pamenepo popeza amagulitsa pa kashi koma amalipira owabweretsera katundu patapita masabata. Holoselo ya kumudzi ili mbali inayo: kooda imalipira pompopompo, koma makasitomala ake imawadikira.

## Mmene malonda amayendera ku Phalombe

Boma la Phalombe lidapatulidwa ku Mulanje m'chaka cha 1998, ndipo kalembera wa 2018 adapeza kuti kuli anthu opitirira 400,000. Malonda ambiri amachitikira pa Phalombe boma, pa Migowi, pa Chiringa ndi m'misika ina ya kumidzi imene imakhala ndi masiku ake. Katundu wa m'golosale, monga shuga, mafuta ophikira, sopo, mchere ndi machesi, amachokera kwenikweni ku Limbe ndi ku Blantyre, kudzera ku Chiradzulu kapena ku Mulanje. Wopikulitsa wa pa Migowi amagulitsa kwa eni magolosale ndi maokala, kwa amayi ophika mandasi ndi zitumbuwa, kwa a matiyirumu, komanso kwa ogula ena ochokera kutsidya kwa malire a Mozambique.

Ogulawa ndalama zawo zimadalira dzinja ndi malimwe. Kuyambira Januwale mpaka Malichi anthu ambiri amakhala opanda ndalama, ndipo yochepa imene ilipo imapita ku chimanga. Kuyambira Epulo kumayamba kukolola, kenaka mpendadzuwa ndi mpunga zimalowa pamsika, ndipo nandolo, imene ndi mbewu yaikulu yobweretsa ndalama m'bomali, imagulitsidwa kwambiri pakati pa Ogasiti ndi Okutobala. Aphunzitsi ndi ena ogwira ntchito m'boma amalandira kumapeto kwa mwezi. Mwini okala akakongoza anthu a m'mudzi mwake, iyenso amachedwa kulipira ku holoselo, ndiye ngongole ya paketi imodzi ya shuga imakwera mpaka kukafika m'buku la wopikulitsa.

## Chitsanzo chowerengera

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, osankhidwa kuti masamu aoneke bwino. Tiyerekeze holoselo ya pa Migowi imene pa mwezi wa masiku 30 imagulitsa katundu wa K66,000,000, amene idaoda ndi K60,000,000. Ndiye kuti pa tsiku imagulitsa K2,200,000, ndipo katundu wotuluka pa tsikulo idamuoda ndi K2,000,000. Phindu lisanachotsedwe lendi, thiransipoti ndi malipiro a antchito ndi K6,000,000 pa mwezi.

Mwini holoseloyo akawerenga katundu wake, akupeza kuti m'sitolo mumakhala katundu wa K36,000,000. Kugawa ndi K2,000,000 kukupereka masiku 18. M'buku la ngongole muli K22,000,000 imene makasitomala sanalipire, ndipo kugawa ndi K2,200,000 kukupereka masiku 10. Iyeyo ali ndi ngongole ya K8,000,000 kwa holoselo imodzi ya ku Limbe imene imamukhulupirira, ndipo kugawa ndi K2,000,000 kukupereka masiku 4. Kuphatikiza 18 ndi 10 n'kuchotsa 4, yankho ndi masiku 24.

Tanthauzo la masiku 24 ndi lakuti kwacha iliyonse imene walipira ku Limbe imatenga masabata atatu ndi masiku atatu kuti ibwerere m'kabati mwake. Popeza tsiku lililonse amafunika K2,000,000 yoodera, ayenera kukhala ndi mpamba pafupifupi K48,000,000 kuti mashelefu asagwe. Ngati mpambawo ndi wobwereka pa chiwongoladzanja cha 3 peresenti pa mwezi, amalipira K1,440,000 mwezi uliwonse, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a phindu lake. Chiwongoladzanja chotere si chongopeka: mu Febuluwale 2024 Reserve Bank of Malawi idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti pa chaka, ndipo mabanki amaikapo chawo pamwamba. Wa katapila ndiye sanenedwa.

Pali mfundo ina imene ambiri saiyembekezera. Bizinesi yotere ikakula, vuto la ndalama limakulanso. Malonda akakwera ndi theka nthawi ya nandolo, masiku n'kukhala omwewo 24, mpamba wofunika umachoka pa K48,000,000 kufika pa K72,000,000. Phindu la mwezi umodzi silingatseke mpata wa K24,000,000 umenewu. Wopikulitsa amene walandira makasitomala atsopano ambiri pa ngongole amatha kugwa m'mwezi umene wagulitsa kwambiri kuposa miyezi yonse.

## Zimene nambala imodzi imabisa

Masiku 18 a katundu ndi avereji chabe, ndipo avereji imanamiza. Tiyerekeze kuti mwa K60,000,000 ija, theka ndi shuga, amene amatuluka wa K1,000,000 pa tsiku ndipo m'sitolo mumakhala wa K5,000,000. Shugayu amakhala masiku 5 okha. Mafuta ophikira ndi sopo zimatuluka za K800,000 pa tsiku, m'sitolo muli za K12,000,000, ndiye masiku ake ndi 15. Katundu wotsalayo, monga mabisiketi, mafuta odzola, mabatire ndi zakumwa za m'mabotolo, amatuluka wa K200,000 pa tsiku koma m'sitolo alimo wa K19,000,000. Ameneyu amakhala masiku 95. Choncho katundu amene akubweretsa gawo limodzi mwa magawo khumi a malonda wagwira ndalama yoposa theka la yonse imene ili m'mashelefu.

Wamalonda amakopeka ndi katundu wochedwayu chifukwa phindu lake pa katoni limaoneka lalikulu. Mafuta odzola a K100,000 akhoza kubweretsa K25,000, pamene shuga wa K100,000 akubweretsa K4,000 yokha. Koma m'masiku 95 amene mafuta odzolawo akudikira wogula, ndalama ya shuga yazungulira ka 19, ndipo yabweretsa K76,000. Izi sizitanthauza kuti holoselo igulitse shuga yekha, chifukwa msika wa shuga uli ndi malire, ndipo mwini okala amafuna kupeza zonse pamalo amodzi. Tanthauzo lake ndi lakuti katundu wochedwa azioda pang'ono.

Masiku 10 a ngongole amabisanso zambiri. Makasitomala ambiri a holoselo imeneyi amalipira kashi, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu a malonda ndilo limapita pa ngongole, K22,000,000 pa mwezi. Popeza m'buku mulinso K22,000,000, ndiye kuti okongolawo amatenga masiku 30 kuti alipire, pamene pangano linali la masiku 14. Njira yoonera zimenezi ndi kugawa ngongole potengera msinkhu wake. Mwiniwake akatsegula buku n'kulemba tsiku limene ngongole iliyonse idatengedwa, akhoza kupeza kuti K9,000,000 sinakwane masabata awiri, K7,000,000 ili pakati pa masiku 15 ndi 30, ndipo K6,000,000 yapitirira mwezi. Kawirikawiri ndalama yokalambayo imakhala ndi anthu ochepa, ndipo ena mwa iwo amakhala atayamba kale kukaoda kwina ndi kashi chifukwa akuchita manyazi kubwera.

Chizindikiro cha kasitomala amene wayamba kumira chimaoneka msanga. Amalipira theka la ngongole yakale n'kutenga katundu watsopano woposa ndalama imene wabweretsayo, kotero kuti ngongole yake imakula ulendo uliwonse ngakhale akuoneka ngati akulipira.

## Kufupikitsa masiku a ngongole

Apa ndi pamene wopikulitsa ali ndi mphamvu zambiri, komanso pamene pamavuta chifukwa okongolawo ndi anthu odziwana nawo kutchalitchi, kumzikiti ndi kumaliro. Lamulo limene limathandiza kwambiri ndi losavuta: katundu watsopano satuluka ngongole yakale isanathe. Kasitomala aliyense amakhalanso ndi malire ake, olingana ndi katundu amene iye amagulitsa pa sabata imodzi kapena ziwiri. Okala imene imagulitsa K300,000 pa sabata ikapatsidwa katundu wa K1,200,000, yapatsidwa ngongole ya mwezi wathunthu, kaya pangano likuti masiku angati.

Tsiku lolipira liyenera kugwirizana ndi tsiku limene kasitomalayo amakhala ndi ndalama. Amene amagulitsa pa tsiku la msika azilipira madzulo a tsikulo kapena m'mawa mwake, ndalama isanalowe m'zina. Amene makasitomala ake ndi aphunzitsi azilipira malipiro akangotuluka. Kale kutolera ngongole kunkafuna kutuma mnyamata pa njinga kukafika kumidzi, koma masiku ano Airtel Money ndi TNM Mpamba zimalola kasitomala kutumiza pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Pamakhala ndalama yodulidwa potumiza ndi potapa, choncho ndi bwino kugwirizaniratu amene ailipire.

Mtundu wa katundu uyeneranso kuganiziridwa. Kukongoza shuga kwa masiku 30 ndi kutaya ndalama, chifukwa phindu la 4 peresenti limatsala pang'ono kutha ndi chiwongoladzanja cha mwezi umodzi. Ngati ngongole iyenera kuperekedwa, ipite pa katundu wochedwa wa phindu lalikulu uja, amene angokhala m'shelefu.

Ena amatsitsa mtengo kwa olipira msanga. Njirayi imagwira ntchito koma ndi yodula kuposa mmene imaonekera. Kuchotsera 2 peresenti kuti munthu alipire pa tsiku la 10 m'malo mwa tsiku la 30 ndi chimodzimodzi kubwereka ndalama pa chiwongoladzanja cha pafupifupi 37 peresenti pa chaka, ndipo pa holoselo ya m'chitsanzo chija kumadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a phindu la katunduyo. Zimapindula pokhapokha ngati ndalama yobwera msangayo ili ndi katundu wothamanga amene akuidikira.

M'madera olima nandolo, okongola ena amapempha kulipira ndi matumba a nandolo m'malo mwa ndalama. Ngongole imachoka m'buku, koma ndalama imakhala isanabwere: yangosanduka katundu wina amene akufuna masaka, mankhwala a anankafumbwe, galimoto ndi wogula ku Limbe. Mtengo wakenso sudalirika. Mu Ogasiti 2017 dziko la India, limene limagula nandolo yambiri ya ku Malawi, lidaika malire pa nandolo yolowa m'dzikolo, ndipo mtengo udagwa kwambiri kuno. Amene adali atasunga matumba adaluza, ndipo alimi amene ankayembekeza kubweza ngongole ndi nandoloyo adalephera.

Holoselo yolembetsa msonkho wa VAT ili ndi chifukwa china chosachedwetsera ngongole. Msonkhowu umaperekedwa ku Malawi Revenue Authority pofika pa 25 mwezi wotsatira, potengera katundu amene wagulitsidwa, kaya kasitomala walipira kapena ayi.

## Kufupikitsa masiku a katundu

Kuoda pang'ono koma pafupipafupi kumachepetsa masiku a katundu, koma ulendo uliwonse wa ku Limbe uli ndi mtengo wa galimoto ndi mafuta. Pofuna kusankha, wamalonda amayerekeza mtengo wa ulendo woonjezerawo ndi chiwongoladzanja cha ndalama imene imasuke. Ngati ulendo wachiwiri pa sabata ukumasula K6,000,000, chiwongoladzanja chopulumutsidwa ndi K180,000 pa mwezi, ndipo maulendo anayi oonjezera akadula kuposa pamenepo ndiye kuti palibe chimene chapindulidwa. N'chifukwa chake amalonda ena amasonkherana lole imodzi, kapena amagwiritsa ntchito galimoto imene yapita ku Limbe ndi mbewu kuti ibwerere ndi katundu.

Katundu amene wakhala miyezi itatu ndi bwino kumugulitsa pa mtengo woodera, ngakhale pansi pake pang'ono, kusiyana ndi kudikira kuti tsiku lake lolembedwa pa paketi lidutse. Makampani amakondanso kukopa ndi mtengo wotsika kwa oodera makatoni ambiri. Kuchotseredwa 3 peresenti pa katundu amene atenge miyezi itatu kuti athe ndi kuluza, chifukwa chiwongoladzanja cha miyezi itatuyo chikufika 9 peresenti.

Koma ku Malawi mfundo yochepetsa katundu ili ndi malire ake, ndipo mabuku olembedwa kunja saifotokoza bwino. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Mitengo kooda idakwera m'masiku ochepa. Amene anali ndi katundu m'sitolo adamugulitsa pa mtengo watsopano, pamene amene ndalama yake inali m'buku la ngongole adalandira kwacha zomwezo zimene sizikanathanso kuoda makatoni ofanana. Pa nthawi imene mitengo ikukwera msanga, tsiku limodzi la katundu silipweteka ngati tsiku limodzi la ngongole, bola katunduyo akhale wosaonongeka komanso wofunidwa. Shuga amathanso kusowa m'miyezi ya mvula, mafakitale a ku Nchalo ndi ku Dwangwa asanayambe kugaya nzimbe, ndipo holoselo imene ilibe shuga imataya makasitomala a katundu wina yense. Misewu nayo imaduka: namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adagumula milatho ndi misewu ku Phalombe ndi ku Mulanje, ndipo madera ena monga kwa Nkhulambe sankafikika ndi galimoto. Kusunga katundu woonjezera wa masiku angapo m'dzinja kuli ndi chifukwa chomveka.

## Kutalikitsa masiku a kooda

Mbali imeneyi wopikulitsa wamng'ono alibe mphamvu zambiri. Makampani opanga katundu wofunidwa kwambiri safuna kukongoza, ndipo katundu akasowa amafuna ndalama ilowe kubanki galimoto isanapakire. Zikatero masiku a kooda amakhala pansi pa ziro, ndipo amaonjezera m'malo mochotsera.

Chimene chimatheka ndi kupempha masiku 7 kapena 14 kwa holoselo imodzi kapena ziwiri zimene munthu waodako nthawi yaitali, makamaka pa katundu amene iwonso akufuna kuti atuluke. Kuoda kwa anthu ochepa kumathandiza kuti dzina lidziwike. Kungochedwetsa kulipira popanda pangano kumatsitsa nambala ya mwezi umodzi, koma mapeto ake ndi kulandidwa mwayi wa ngongole kapena kupatsidwa mtengo wokwera. Kuyambira 2013 Malawi ali ndi lamulo lolola katundu wosunthika, kuphatikizapo katundu wa m'sitolo ndi ngongole zimene makasitomala akusunga, kukhala chikole kubanki. Ngongole ya kubanki imatseka mpata koma siichepetsa masiku, ndipo banki imafuna mabuku olembedwa bwino isanapereke.

## Zotsatira pa chitsanzo chija

Tiyerekeze kuti mwini holoselo ya pa Migowi wagulitsa katundu wokhalitsa n'kuchepetsa kaodedwe kake, kotero kuti katundu wochedwa watsika kuchoka pa K19,000,000 kufika pa K11,000,000. M'sitolo mwatsala katundu wa K28,000,000, amene ndi masiku 14. Okongola ayamba kulipira pa masiku 18 m'malo mwa 30, ndipo buku latsika kufika pa K13,200,000, amene ndi masiku 6. Holoselo yachiwiri ya ku Limbe yavomera kumudikira, ndipo ngongole yake kooda yafika K14,000,000, masiku 7. Kuphatikiza 14 ndi 6 n'kuchotsa 7 kukupereka masiku 13. Ndalama yomasuka ndi K22,800,000, popanda kugulitsa katoni imodzi yoonjezera.

Masamuwa amalondola ngati manambala ake atengedwa bwino. Kuwerenga katundu tsiku limene lole yangotsitsa kumakweza masiku, ndipo kuwerenga ngongole pa 1 mwezi, aphunzitsi atangolipira, kumawatsitsa. Ndi bwino kuwerenga sabata iliyonse n'kutenga avereji, komanso kuwerengera dzinja palokha ndi nyengo ya nandolo payokha, chifukwa nambala ya chaka chonse siifanana ndi mwezi uliwonse. Ngongole imene yapitirira miyezi itatu ndipo mwini wake sakuonekanso iyenera kuchotsedwa m'masamuwa n'kulembedwa ngati ndalama yotayika. Ndalama imene mwini bizinesi amatapa m'kabati kukagula feteleza kapena kulipira fizi siioneka m'masamu amenewa, choncho imafunika tsamba lakelake m'buku.